Kusintha pesiti mu PS4 yakale: mmene ndinachitira pa kantemba kanga

Ndili ndi kantemba ka magemu kufupi ndi msika wa Kapata kuno ku Chipata, ndipo makina amene amandidyetsa ndi PS4 ziwiri. Imodzi ndi ya mtundu woyamba uja wonenepa umene unayamba kutuluka mu 2013. Pa sitika yake panalembedwa CUH-1116A, ndipo ndinaigula kwa munthu, osati yatsopano. Okutobala wathayu, dzuwa litafika poswa mtengo, makinawa anayamba kulira ngati chigayo. Anyamata akangoyamba gemu ya mpira, fani inkakuwa mpaka wina osamva zimene mnzake akunena. Tsiku lina masana nyali yake inayamba kuthwanima yofiira, pa TV panatuluka mawu akuti "The PS4 is too hot", kenako inazima yokha.

Mwana wa mlongo wanga amene amandithandiza pa kantembapo sanachedwe kupereka chigamulo. "Amalume, ndi pesiti imeneyo, yauma. Tiyeni titsegule." Ine ndinakana kaye, chifukwa phokoso la fani silitanthauza pesiti nthawi zonse.

Mkati mwa PS4 muli tchipi chimodzi chachikulu chimene chimagwira ntchito yonse yolemera, ndipo chimatentha kwambiri. Tchipicho chimakhudzana ndi chitsulo cha zipsepse zambiri, chimene okonza amati hitisinki, ndipo fani imakankha mphepo kudutsa m'zipsepsemo kuti kutentha kutulukire kumbuyo. Pesiti ndi phala lotuwa limene limakhala pakati pa tchipi ndi chitsulocho. Lokha siliziziritsa kanthu. Ntchito yake ndi kudzaza timipata tosaoneka ndi maso kuti kutentha kuwoloke bwino. Likauma ndi kung'aluka, kutentha kumatsalira pa tchipi, ndipo makina amauza fani kuti ithamange kwambiri.

Choncho ndinayamba ndi kuyesa ndi dzanja kumbuyo kwa makina gemu ili mkati. Fani ikamakuwa koma mphepo yotuluka ili yochepa, ngati ya munthu wopuma ndi chimfine, ndiye kuti njira yatsekeka ndi fumbi. Ikamakuwa patangopita mphindi zochepa chiyatsireni, mphepo ikutuluka yamphamvu koma yosatentha kwenikweni, pamenepo kutentha sikukufika pa chitsulo, ndipo wokayikiridwa ndi pesiti. Yanga inali ndi matenda onse awiri. Ndinachotsa chivundikiro chapansi, kupukuta fani ndi kaburashi, kuika makina poyera pamene mphepo imapita, ndi kudikira masiku atatu. Mphepo inawonjezekera pang'ono, koma kukuwa kunali komweko ngakhale m'mawa kunja kukuzizira. Apo ndinavomera kuti mnyamata uja ananena zoona, ngakhale sindinamuuze.

Pali matenda ena amene pesiti sichiza, ndipo osataya ndalama. Makina ongothwanima nyali yabuluu osaonetsa chithunzi, olephera kuwerenga disiki, kapena a polowera HDMI pogwedezeka, vuto lake lili kwina. Fani yokhotchola kapena yogogoda ikufuna fani ina. Ndipo makina amene ali phee, osatentha, asiyeni. Kutsegula kulikonse kuli ndi ngozi yake.

Zida si zambiri, koma chimodzi chinandivuta kupeza. Masikuluwu akumbuyo ndi a mutu wa nyenyezi wokhala ndi kamsomali pakati, ndiye pamafunika sikuludiraiva ya nyenyezi yoboola kunsonga, ya nambala T8 kapena T9. Ine ya T9 ndi imene inagwira bwino, ndipo ndinabwereka kwa mdala wina wokonza mafoni. Pobwereka anandichenjeza: "Mwana wanga, ukapanikiza ndi mpeni mutu ukadyeka, usabwere kwa ine." Zina ndi sikuludiraiva yaing'ono ya mtanda, kopanira kang'ono, khadi lakale lapulasitiki, burashi yofewa, kansalu kosasiya ubweya, ndi thireyi ya mazira yoikamo masikuluwu motsatana. Sipiriti yopukutira ndi ija ya aisopuropailo, ya 90 peresenti kapena kuposa, chifukwa imauma msanga osasiya kanthu. Ija yapepo yoyatsira moto ili ndi utoto, ndinaisiya.

Pesiti ndinatuma munthu wobwera pa basi kuchokera ku Lusaka, kachubu ka magalamu 4 ka Arctic MX-4. Ndinasankha imeneyi chifukwa sidutsitsa magetsi, ndiye ikatayikira pambali palibe chopsa. Kachubu kameneka kangakwanire makina angapo. Ya chitsulo chamadzi, imene ili mu PS5, musaiyandikire pa ntchito iyi, dontho limodzi likagwera pa bolodi imene pamakhala matchipi onse, mwapha makina. Mankhwala otsukira mano ndi girizi wa njinga, zimene ndamvapo anthu akuikamo, sindizitchulanso.

Ndisanagwire sikuluwu ndinatulutsa disiki, ndi kukopera zosungidwa za magemu pa fulashi kudzera pa Settings kenako Application Saved Data Management. Makina ndinazimitsiratu, osati kuwasiya pa Rest Mode, ndi kuzula mawaya onse. Ndinagwira ntchito m'mawa pa tebulo lathabwa pafupi ndi khomo, kuti malaiti akapita ndisasokonezeke. Musamagwirire pa bulangeti kapena pa sofa. Nyengo youma ngati imeneyi thupi limasunga timagetsi tija tothetheka, ndiye ndinkayamba ndakhudza chitsulo cha zenera ndisanakhudze bolodi, ndipo bolodiyo ndinkaigwira m'mphepete.

Kumbuyo kuli masikuluwu anayi obisika pansi pa masitika ndi tizivundikiro. Atachoka, chivundikiro chapansi chimanyamuka kuyambira kumbuyo. Chotsatira ndi bokosi la magetsi, lomangidwa ndi masikuluwu atatu a nyenyezi ndi awiri aatali a mtanda. Apa ndi pamene ambiri amalira. Bokosili lili ndi kawaya kolowa pa bolodi, ndipo kapulagi kake kamalimba. Mukakoka mawaya kapena kupendeketsa, mumazula soketi yonse pa bolodi, ndipo kuibwezera pamafunika katswiri wowotcherera. Ndinagwira kapulagi kenikeniko ndi kopanira, chala china chikupondereza soketi, ndi kugwedeza pang'onopang'ono mpaka kanatuluka. Bokosilo limanyamuka molunjika m'mwamba. Musalitsegule, mkati mwake mumatha kutsalira magetsi ngakhale mutazula pa khoma. Pansi pa langa ndinapeza mphemvu ziwiri zouma, alendo amene amakonda kufunda kwa mmenemo.

Kenako ndi kawaya ka Wi-Fi ndi timalamba topyapyala ta choseweretsa madisiki. Kalamba kakakulu kali ndi kachitsulo kamene mumadina kaye musanakoke. Samalani kabolodi ka chipangizochi, chifukwa pa mtundu uwu kanamangidwa ukwati ndi bolodi yaikulu, sikasinthika ndi ka makina ena. Gawo lililonse ndinkajambula ndi foni ndisanachotse kanthu. Ndinatembenuza makina, kuchotsa hadidisiki ndi chivundikiro chapamwamba, kenako n'kumasula masikuluwu ambiri a chimbale chachitsulo chophimba bolodi.

Pakati pa chimbalecho pali kachitsulo ka masikuluwu awiri kamene kamapanikiza tchipi pa hitisinki. Awiriwa samasulidwa limodzi mpaka kumapeto. Mumapotoza theka uku, theka uko, mobwerezabwereza, kuti bolodi isapindike. Nditachotsa chimbalecho ndi kuzula kapulagi ka fani ndinanyamula bolodi. Inadzuka popanda kukakamira konse, ndipo chimenecho chokha chinandiuza zambiri, chifukwa pesiti yamoyo imagwira ngati ulimbo. Yangayi inali ngati dothi la m'dambo mwezi wa Okutobala, long'aluka, lofumbutuka ukalikhudza, ndipo pakati pa tchipi panali mbee.

Koma ndisaname, chimene chinandidabwitsa kwambiri chinali kutsogolo. Nditachotsa chimbale chapansi chimene hitisinki inamatirirapo, mbali yoyang'ana ku fani inali itavala fumbi lolukana ngati bulangeti, lofiirira ngati msewu wa m'komboni. Mbali imeneyi sioneka mukangochotsa chivundikiro. Ndikhulupirira kuti theka la phokoso linkachokera pamenepa, ndipo ambiri amene amatamanda pesiti yatsopano amaiwala kuti tsiku lomwelo anachotsanso bulangeti limeneli. Ndinalisenda ndi burashi, ndipo popemerera fani ndinaigwira ndi chala kuti isazungulire yokha mothamanga.

Kupukuta tchipi kumafuna mtima wodekha. Ndinanyowetsa kansalu ndi sipiriti, kusiya pesiti yakale ifewe, ndi kupukuta mpaka pamwamba panawala ngati kalirole, chimodzimodzinso pa chitsulo. Mozungulira tchipi pali tizidutswa tating'ono ngati mchenga, towotchereredwa. Musakande pamenepo ndi chitsulo kapena chikhadabo. Zotsalira pakati pa tizidutswato kuli bwino kuzisiya kusiyana ndi kuthyola kamodzi.

Ndinafinya pesiti yaikulu ngati njere ya nandolo pakati pa tchipi. Popeza tchipi ichi chilibe chivundikiro, ngodya iliyonse iyenera kupakidwa, ndiye ndinaiyala ndi khadi lija mopyapyala mpaka m'ngodya zonse. Ena amasiya dontho kuti lifalikire lokha popanikiza, ndipo zimatheka, koma ine ndinkafuna kuona ndi maso. Kuchulukitsa pang'ono si mlandu waukulu ndi pesiti yosadutsitsa magetsi. Kuchepetsa ndiye koopsa. Mukagwirizanitsa bolodi ndi chitsulo kenako n'kunyamulanso, pukutani muyambirenso.

Chinanso ndi timapadi tofewa timene timakhala pa matchipi a memore, amene pa mtundu uwu ali mbali zonse ziwiri za bolodi. Timagwa mosavuta. Kamodzi ndinakapeza katamatirira pa chigongono changa. Tibwezereni pamalo pake, ndipo musalowetse pesiti m'malo mwake kapena kuika tonenepa kuposa takale, chifukwa tikatero timatukula bolodi ndipo tchipi chachikulu sichikhudzanso chitsulo bwino.

Kubwezera ndi njira yomweyo chambuyo, masikuluwu awiri aja mosinthanasinthana mpaka atalimba. Ndinayatsa, chithunzi chinabwera, ndipo makina anali chete moti ndinayamba kudzitama. Mnyamata uja anaika dzanja kumbuyo. "Amalume, mphepo siikutuluka." Ndinazimitsa msangamsanga. Kapulagi ka fani ndinali nditakaiwala, kali lende pansi pa chimbale. Ndinatsegulanso, ndipo popeza kachitsulo kopanikiza kanamasulidwa bolodi n'kusuntha, ndinapukuta ndi kupakanso pesiti. Ntchito ya maola awiri inatenga anayi.

Ulendo wachiwiri ndinasuzumira kaye kuona fani ikuzungulira ndisanatseke chivundikiro. Tinasewera gemu ya mpira ola lathunthu masana. Fani imamvekabe gemu ikafika polemera, makina a zaka zoposa khumi sangakhale duu, koma kukuwa kuja kunatha, mphepo yakumbuyo ikutuluka yotentha ndithu, ndipo nyali yofiira sinabwerenso. Makinawa ndawachotsa m'kabati mmene ankakhala, tsopano ali pa shelefu, kutali ndi khoma ndi chikhatho chimodzi. PS4 inzake ija sinayambe kudandaula, ndiye sindinaitsegule. Kachubu kotsala kali m'dirowa, ndipo sikuludiraiva ndinabweza kwa mdala uja pamodzi ndi botolo la maheu.