Mmene ndinadutsira funso losiyanitsa mitundu ya ziganizo

Ndalemba moko wachiwiri sabata yathayi, ndipo gawo la mitundu ya ziganizo za Chingerezi ndakhoza mafunso onse asanu. Pa moko woyamba ndinakhoza limodzi lokha. Ndikubwereza Fomu 4 pa sukulu ya masana, ndiye malikisi anayi si chinthu choti ndingawataye mwachisawawa. Mtima wakhala pansi tsopano, koma ndikakumbukira K5,000 imene ndinalipira ku patitaimu Loweruka lina, mkwiyo umabwerera.

Tsiku limenelo tinakhala kuyambira m'mawa mpaka 2 koloko, ndilibe kanthu m'mimba, mphunzitsi akungotilembetsa matanthauzo. Pomaliza anatipatsa njira yake yachidule: chiganizo chachifupi ndi simpo, chachitali chokhala ndi mipatuliro yambiri ndi kompuleksi, ndipo ukaona mlumikizi dziwa kuti ndi kompaundi. Njira imeneyi ndi imene inandigwetsa. Wokonza mayeso amadziwa kuti ana ambiri amayang'ana kutalika, ndiye amaika dala chiganizo cha mizere iwiri chokhala ndi mneni mmodzi. Nawonso mayina a mayankhowo amafanana: kompaundi, kompuleksi, kompaundi-kompuleksi. Nthawi ikamatha maso amangoona chinthu chimodzi cholembedwa katatu.

Amene anandiwombola ndi alamu anga, amaphunzitsa ku pulayimale. Anati tisiye kaye Chingerezi, tiyesere pa Chichewa, popeza mafupa a chiganizo ndi omwewo. Simpo ndi chiganizo chopanda nthambi, kompaundi ndi chiganizo cha ziganizo zingapo, kompuleksi ndi chiganizo cha nthambi, ndipo chachinayicho ndi chophatikiza ziwirizi: ziganizo zoima pazokha ziwiri kapena kuposa, kuphatikizapo nthambi yosaima payokha ngakhale imodzi. Kenaka anati, "Alamu, musawerenge mawu. Werengani aneni."

Anandilembera ziganizo zinayi kuseri kwa kalendala yakale, zonse za nkhani imodzi.

Choyamba: "Mvula inagwa koma chimanga chinauma." Chachiwiri: "Ngakhale mvula inagwa, chimanga chinauma." Chachitatu: "Mvula inagwa koma chimanga chimene tinadzala chinauma." Chachinayi: "Chimanga chonse cha m'munda wa agogo kutsidya kwa mtsinje chinauma chifukwa cha dzuwa la mu Januwale."

Ine ndinathamangira chachinayi kuti ndi cha nthambi, poona kutalika kwake ndi mawu akuti "chifukwa". Alamu anandipatsa pensulo kuti ndidule mzere pansi pa mneni aliyense. Ndinapeza mmodzi, "chinauma". Ndinafufuza wina osamupeza. "Chifukwa cha dzuwa la mu Januwale" mulibe mneni, ndi kapandamneni chabe. Chikanakhala kuti chikuti "chifukwa dzuwa linawomba kwambiri", apo pakanakhala mneni wachiwiri "linawomba" ndi mwininkhani wake "dzuwa", ndipo chikanasanduka chiganizo cha nthambi. Kusiyana kwake ndi kamawu kakuti "cha" basi. Chiganizo chachitali kuposa zonse chija chinali chopanda nthambi. Pa Chingerezi msampha wake ndi womwewu, ndipo ndi umene unandikola pa moko woyamba.

Zimene zinandivuta kwenikweni ndi choyamba ndi chachiwiri, chifukwa uthenga wake ndi umodzi. Mvula inagwa, chimanga chinauma. Aneni awiri uku, awiri uku. Nanga zikusiyana pati? Apa kuwerenga aneni kwakuthandiza kuchotsa mayankho awiri okha, loti simpo ndi loti kompaundi-kompuleksi. Chotsatira ndi kuona ntchito ya mlumikizi.

Alamu anandionetsa kayesedwe kosavuta: nyamula mlumikizi pamodzi ndi mawu amene akumutsatira, uwasunthire mbali ina. "Chimanga chinauma ngakhale mvula inagwa." Chikumveka bwinobwino, tanthauzo silinasinthe. Ndiye kuti "ngakhale" wamatirira ku nthambi yake, amayenda nayo kulikonse, ndipo nthambiyo payokha siyingaime. Munthu akangoti "ngakhale mvula inagwa" n'kukhala chete, umadikira kuti amalize. Chimenecho ndi chiganizo cha nthambi. Tsopano yesani ndi "koma": "Koma chimanga chinauma, mvula inagwa." Chasweka. "Koma" ali ngati mlatho, malo ake ndi pakati, ndipo mbali ziwirizo ndi zolingana mphamvu. Mukamuchotsa mutsala ndi ziganizo ziwiri zathunthu. Chimenecho ndi cha ziganizo zingapo. "Ndipo" ndi "kapena" akamalumikiza ziganizo amachita ngati "koma". "Chifukwa", "pamene", "ngati" ndi "pokhapokha" amachita ngati "ngakhale".

Ndaiwala kunena, ku patitaimu kuja ndinafunsa funso lomweli, kuti ziganizo ziwiri zonena chinthu chimodzi zingakhale bwanji mitundu iwiri. Anandiyankha kuti nthawi yatha, tidzaona sabata ya mawa, imene inkafuna ndalama ina. Tsiku lonse lija palibe chiganizo ngakhale chimodzi chimene tinachiphwanya pa bolodi. Alamu anandimasulira zimenezi pa mphindi khumi, tili pakhonde, akusenda mbatata.

Chachitatu chija ndi chimene chimanamiza anthu ofulumira. Umangoona "koma" pakati, n'kuchonga kompaundi, n'kupita pa funso lina. Werengani aneni: "inagwa", "tinadzala", "chinauma". Atatu. Akakwana atatu, imani kaye, chifukwa mtundu wachinayi sungatheke ndi aneni ochepera atatu. Koma atatuwo sakutanthauza kuti yankho lapezeka kale. "Mvula inagwa, mbewu zinamera ndipo alimi anakondwa" chili ndi aneni atatu koma onse akuima paokha, ndiye ndi cha ziganizo zingapo basi. Mu chiganizo chathu chija, "mvula inagwa" ikuima, "chimanga chinauma" ikuima, koma "chimene tinadzala" yalowa pakati pa dzina ndi mneni wake, ikungofotokoza chimangacho. Iyi ndi nthambi yamfotokozi. Ziwiri zoima pazokha, imodzi yodalira: kompaundi-kompuleksi.

Nthambi yamfotokozi siyisuntha ngati ya "ngakhale" ija, imakhala pafupi ndi dzina lake, ndiye kayesedwe kosuntha sikagwira apa. Iyi mumaiyesa poiphimba ndi chala. Zotsalazo zikamveka zathunthu, pomwe mwaphimbazo pazokha sizikumveka, mwaipeza. Chenjerani chifukwa nthawi zina "chimene" amabisala. Timanena kuti "chimanga tinadzalacho chinauma", ndipo nthambi ilimobe. Chingerezi nachonso chimachotsa mawu oterewa, ndipo chimene chimaulula nthambiyo ndi mneni wachitatu uja.

Pali aneni ena osayenera kuwerenga. "Agogo anapita kumunda kukapalira chimanga" chili ndi mneni mmodzi woona, "anapita". "Kukapalira" sakuonetsa nthawi, ndipo alibe mwininkhani wakewake. Yesani kusintha nthawi ya chiganizo, munene kuti "adzapita". Mneni woona amasintha, "kukapalira" amakhala momwemo. Chimodzimodzi "ndi" wa mu "agogo ndi amalume anapita kumunda": akulumikiza mayina awiri, osati ziganizo, mneni ndi mmodzi.

Pa moko wachiwiriwu ndinaphimba mayankho ndi dzanja ndisanawerenge chiganizo, kuti mayina ofanana aja asandisokoneze. Ndinkadula mizere pansi pa aneni, n'kulemba pambali nambala ziwiri, ya zoima pazokha ndi ya zodalira. 1 ndi 0 ndi simpo, 2 ndi 0 ndi kompaundi, 1 ndi 1 ndi kompuleksi, 2 ndi 1 ndi chophatikiza chija. Zodalira zikhoza kuchuluka, koma ngati yoima payokha ndi imodzi, chikadali kompuleksi. Funso lomaliza linali la aneni anayi ndipo mtima unagunda, koma nditawerenga ndinapeza 1 ndi 3. Ndinachonga kompuleksi, n'kutembenuza tsamba.