Sefa yochotsa kulira kwa magetsi: pamene njira ya impalasi invariyansi yandifikitsa

Ntchito yomwe ndikuchita madzulo ano kuno ku Chitakale ndi yoyeretsa mawu amene ndimajambula kuchokera pa wailesi yanga yakale ya shotiwevu. Mawuwo ndimawalowetsa mu kompyuta potapa masampulo 8000 pa sekondi, ndipo pansi pake pamamveka kulira kwa magetsi kwa 50 Hz komanso kamphamvu kosasintha ka 0 Hz kochokera ku chipangizo chojambulira. Chofunika ndi sefa ya hayipasi, yodutsitsa mafirikwense apamwamba n'kutsekereza apansi, ndipo malire ake ndawaika pa 300 Hz chifukwa mawu a munthu amamvekabe bwino ngakhale zapansi pa pamenepo zitachotsedwa.

Njira ya impalasi invariyansi ndi yokopa chifukwa ganizo lake ndi losavuta. Munthu amatenga sefa ya analogi, n'kuona mmene imayankhira ikagundidwa kamodzi mwadzidzidzi, kenako amatapa yankholo pa mipata yofanana, `h[n] = T·h(nT)`, pomwe T ndi nthawi ya pakati pa masampulo. Kwa ine T ndi 1/8000 ya sekondi. Polo iliyonse `s = p` imasanduka `z = e^(pT)`, motero sefa yokhazikika ya analogi imabereka sefa yokhazikika ya dijito, ndipo mafirikwense sapotozedwa.

Ndinayamba ndi lopasi, yodutsitsa zapansi, kuti ndione njirayi pamalo pomwe imagwira ntchito. Sefa ya rezisita imodzi ndi kapasita imodzi ili ndi `H(s) = a/(s + a)`, pomwe `a = 2π·300`, pafupifupi 1885. Apa `aT = 0.2356` ndipo `e^(-aT) = 0.7901`, choncho sefa ya dijito ndi `H(z) = 0.2356/(1 - 0.7901z^-1)`. Maonekedwe ake ndi a lopasi ndithu, koma manambala akuonetsa kale vuto. Pa 4000 Hz, theka la liwiro lotapira masampulo, pomwe ndi malire a Nyquist, sefa ya analogi imadutsitsa 0.075 ya kukula kwa siginolo, pamene ya dijito ikudutsitsa 0.132, kusiyana kwa pafupifupi 5 dB.

Chochititsa ndi aliyasing'i pamodzi ndi kulumpha kwa yankho pa t = 0. Kutapa masampulo kumachititsa kuti yankho la sefa ya analogi libwerezedwe pa 8000 Hz iliyonse, ndipo makope onsewo amaphatikizana. Zili ngati kupinda chitenje mobwerezabwereza: maluwa amene anali kutali amagwera pamwamba pa amene ali pafupi. Chimene sefa ya dijito imachita pa 50 Hz si chimene ya analogi imachita pa 50 Hz pokha, koma kuphatikizapo zimene imachita pa 7950 Hz, 8050 Hz, 15950 Hz, 16050 Hz ndi kupitirira osalekeza. Kwa lopasi zowonjezerazo zimanka zichepa, ndipo sefa ikakhala ya mapolo ambiri zimachepa msanga kwambiri moti sizidetsa nkhawa.

Kwa hayipasi nkhani imatembenuka. Sefa yake ndi `H(s) = s/(s + a)`, ndipo ntchito yake yeniyeni ndi kudutsitsa chilichonse chapamwamba. Pa 7950 Hz imadutsitsa pafupifupi 1, pa 8050 Hz pafupifupi 1, pa 15950 Hz chimodzimodzi, ndipo palibe pomwe imayamba kutsika. Makope onsewa akagwera pa 50 Hz, pomwe sefa ya analogi imangodutsitsa 0.164, chiphatikizo chake chimangokula popanda malire. Kukweza liwiro lotapira masampulo sikuthandiza konse, pakuti ngakhale nditafika pa 48000 kapena 96000, sefayo idzakhalabe yotsegula pamwamba pa malire atsopanowo. Ichi ndi chimene ndikuona kuti ndi mtima wa nkhaniyi: pa lopasi aliyasing'i ndi cholakwika chomwe munthu angachichepetse, koma pa hayipasi chimachokera ku khalidwe lomwelo limene tikuifunira sefayo. Sefa ya bandisitopu, yotsekereza zapakati zokha, nayonso imagwa m'mbuna yomweyi.

Vuto lomweli limaonekeranso munthu akayang'ana yankho m'nthawi. Popeza `s/(s + a) = 1 - a/(s + a)`, yankho lake ndi `h(t) = δ(t) - a·e^(-at)`, ndipo `δ(t)`, kugunda kwadzidzidzi kuja, ilibe mtengo woti munthu autape pa t = 0. Pulogalamu ya SciPy imakana poyera:

```python
from scipy.signal import cont2discrete
a = 1885.0
cont2discrete(([1, 0], [1, a]), 1/8000, method='impulse')
```

Lamuloli limabweza `ValueError`, kunena kuti njirayi ndi ya masefa okhawo amene digiri ya pamwamba ndi yochepa kuposa ya pansi. Ndinafuna kuona chomwe chimachitika munthu akaumirira ndi manja. Kungotaya `δ(t)` kumasiya lopasi yomweyo ija yotembenuzidwa chizindikiro, ndipo kulira kwa 50 Hz kumadutsa pa 1.1, mokweza kuposa mmene kunalowera, kwinaku mawu a wolankhula atafooka. Kuika 1 m'malo mwake pa sampulo yoyamba kumapereka `H(z) = (0.7644 - 0.7901z^-1)/(1 - 0.7901z^-1)`. Iyi imamveka ngati hayipasi m'makutu, ndipo pa 50 Hz imadutsitsa pafupifupi 0.19, zomwe sizili kutali ndi 0.164. Koma pa 0 Hz imadutsitsa 0.12 m'malo mwa 0, chifukwa ziro yake yachoka pa z = 1 n'kupita pa 1.034, ndipo pa 4000 Hz imafika 0.87 basi. Chizindikiro chake pa sikirini n'chakuti mzere wa mawu sukhala pakati penipeni, umatsalabe pambali pang'ono. Kuyesa kwachidule komwe ndikugwiritsa ntchito tsopano ndi kuika `z = 1` mu `H(z)`: ngati pamwamba sipakupereka 0, sefayo ikudontha.

Mankhwala odziwika ndi kumangirira lopasi yotchinjiriza kutsogolo kwa hayipasi, kuti zonse pamodzi zikhale bandipasi yomwe imatsika pamwamba. Ndinayesa ndi polo imodzi pa 3400 Hz, ndipo zotsatira zake zinandidabwitsa. SciPy imavomera tsopano, koma sefa yotulukayo imadutsitsa 1.9 pa 0 Hz. Gawo lalikulu la nambalayi likuchokera pa kulumpha kwa yankho pa t = 0, ndipo sampulo yoyamba ikadulidwa theka, monga mmene ena amalangizira, imatsika kufika pa 0.58, yomwe ndi chiphatikizo chenicheni cha makope a pa 8000 Hz, 16000 Hz ndi ena. Mlonda wa polo imodzi ndi wofooka kwambiri, pakuti pa 7950 Hz amadutsitsabe 0.39. Kuti njirayi ikhale yaphindu pamafunika mlonda wa mapolo angapo, ndipo pamenepo sefa yaing'ono ija yasanduka chinthu chachikulu popanda chifukwa chomveka.

Choncho ndasamukira ku njira ya bayiliniya, yomwe imapanikiza mafirikwense onse a analogi, kuyambira 0 mpaka kosatha, kuti akwane pakati pa 0 ndi 4000 Hz popanda makope ogwerana. Mtengo wake ndi kupotoza mafirikwense, koma ukukonzedwa poyambirira ndi `K = tan(π·300/8000) = 0.1184`, ndipo sefa yotuluka ndi `H(z) = 0.8942(1 - z^-1)/(1 - 0.7883z^-1)`. Pa 0 Hz imapereka 0 weniweni, pa 300 Hz yatsika ndi 3 dB monga ndinafunira, ndipo pa 4000 Hz imadutsitsa 1. Polo yake, 0.7883, ili pafupi kwambiri ndi 0.7901 ija, zomwe zikusonyeza kuti vuto la impalasi invariyansi silinali pa polo koma pa ziro.

Kulira kwa 50 Hz kwatsika ndi pafupifupi 16 dB ndipo kukumvekabe m'mahedifoni pamene wolankhula wapuma, makamaka chifukwa anzake a 100 Hz ndi 150 Hz akudutsa mosavuta. Chotsatira ndi hayipasi ya Butterworth ya mapolo anayi pa 300 Hz yomweyo, yomwe pa pepala iyenera kutsitsa 50 Hz ndi pafupifupi 62 dB, ndipo ndidzaimanga ngati zigawo ziwiri za mapolo awiriawiri.