Funso langa la masitazi linali lalikulu kuposa ine

Pulopozo yanga yoyamba ya kafukufuku inali ndi funso ili: kodi Chichewa chikutha ku Zimbabwe? Funsoli linachokera mumtima. Ndinakulira ku Mufakose mumzinda wa Harare, m'nyumba ya agogo amene anabwera kuno ndi amuna awo kudzafuna ntchito mzindawu ukutchedwa Salisbury. Masiku ano agogo akamuitana mdzukulu kuti "tabwera kuno, iwe", iye amabwera ndithu, koma amayankha m'Chishona.

Mayi amene akuyang'anira kafukufuku wanga sanakane mutuwo. Anangotenga cholembera n'kudula mzere kunsi kwa mawu atatu: Chichewa, chikutha, Zimbabwe. Kenako anandifunsa kuti, "Mukadzuka mawa kuti muyambe ntchito, mudzagogoda pakhomo la yani, ndipo mudzaona chiyani kuti munene kuti chikutha?" Ndinasowa choyankha.

Mawu amene anandivuta kwambiri ndi akuti "chikutha". Nditakhala pansi ndinapeza kuti abisa mafunso angapo. Kodi anthu ochilankhula akuchepa? Kodi akuchilankhula mosakaniza ndi Chishona? Kapena ana akuchimva koma sakuchilankhula? Loyambalo limafuna kalembera wa zaka zosiyanasiyana, ndipo wophunzira mmodzi sangawerenge dziko. Lachiwiri limafuna kujambula mawu kwa maola ochuluka n'kusanthula chiganizo chimodzichimodzi. Lachitatu ndi limene ndimaliona pakhonde pathu tsiku lililonse. Apa ndinathandizidwa ndi zimene katswiri wa zilankhulo Joshua Fishman analemba mu 1991, zoti moyo wa chilankhulo umadalira kwambiri ngati makolo akuchipatsira kwa ana pakhomo. Malamulo aakulu a dziko lino a mu 2013 amachitchula Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka, koma zimenezo sizikundiuza chimene mwana amayankha agogo ake akamutuma mchere.

Pa malo sindinachedwepo. Achewa a m'mafamu ndi m'migodi, kumene mabanja ochokera ku Malawi ankakhala pamodzi m'komboni, nkhani yawo ndi ina. Ndinawasiya. Ndinasiyanso Mbare ndi Dzivarasekwa n'kutsala ndi Mufakose, kumene ndingayende wapansi popanda kulipira kombi.

Poyamba ndinkafuna ana a pulayimale. Kenako ndinazindikira kuti kufunsa mwana wosakwana zaka 18 kumafuna chilolezo cha makolo, ndipo komiti yoona za ufulu wa ofunsidwa imaunika mozama pempho lotero. Miyezi ikanathera pamenepo. Ndinasankha adzukulu a zaka 18 mpaka 25 amene akukhalabe nyumba imodzi ndi agogo olankhula Chichewa.

Ndinadutsanso muyeso mbali inayo. Ndinalemba kuti: kodi adzukulu a ku Mufakose amayankha agogo awo m'Chichewa? Mayi aja anati, "Yankho lake ndi eya kapena ayi. Mukalipeza Lolemba, Lachiwiri mudzalemba chiyani?" Funso limene lakhazikika tsopano ndi ili: m'mabanja a ku Mufakose okhala ndi agogo olankhula Chichewa, ndi pa zochitika ziti pamene adzukulu a zaka 18 mpaka 25 amayankha m'Chichewa, ndi ziti pamene amasinthira ku Chishona, ndipo iwo eni amati chifukwa chake n'chiyani?

Njira imene inanditsimikizira kuti funsoli likuyankhika ndi yolemberatu mayankho awiri otsutsana ndisanapite kwa munthu aliyense. Lina likuti Chichewa chatsala pa malonje, pa pemphero ndi pa maliro basi. Lina likuti zochitikazo zilibe kanthu, chachikulu n'chakuti mwanayo analeredwa ndi yani ali wakhanda. Onse awiri angathe kukhala oona, ndipo ndikudziwa zimene ndingamve kuti ndisiyanitse. Ndi funso lakale lija ndikanangolemba zimene ndinali nditakhulupirira kale.

Ndinawerengeranso nthawi. Mabanja 12, aliyense agogo ndi mdzukulu mmodzi, ndiye kuti anthu 24. Kucheza ndi aliyense kwa ola limodzi, ndi maola 24. Nditayesa kulemba zimene ndinajambula pocheza ndi azakhali anga, ola limodzi linanditengera maola asanu, chifukwa Chichewa ndi Chishona zimalowana m'chiganizo chimodzi. Ndiye maola 120 ongolemba chabe, ndisanayambe kusanthula. Mabanja 40 amene ndinalonjeza poyamba sakanatheka.

Pali malire amodzi amene ndawalemba poyera mu pulopozo. Mabanja ambiri amene ndikuwadziwa ndi a ku tchalitchi cha CCAP, kumene nyimbo za Chichewa zimaimbidwabe, choncho angaonetse Chichewa champhamvu kuposa cha anzawo. N'chifukwa chake theka la mabanjawo ndidzawapeza kudzera m'mabungwe othandizana pa maliro. Loweruka likubwerali ndikukaonana ndi wapampando wa limodzi mwa mabungwewo, ndipo agogo avomera kundiperekeza.