Malisiti awiri ndi mitengo iwiri yobisika

Sabata yonse yatha ndakhala ndikulimbana ndi masamu a maikwezheni awiri oyendera limodzi, ndipo chimene chinandimasula ndi funso la zogula. Funsolo linali lotere: munthu wina wagula makope 3 ndi zolembera 2, walipira 29. Mnzake wagula makope 2 ndi zolembera 5 pamalo omwewo, walipira 34. Kope limodzi ndi ndalama zingati, nanga cholembera?

Ndinaphonya pachiyambi pomwe. Ndinalemba kuti x ndi makope, y ndi zolembera, ndiye nditafika pa 3x ndinasowa chonena, chifukwa chiwerengero cha makope achipereka kale. Chobisika ndi mtengo. Choncho x ndi mtengo wa kope limodzi, y ndi mtengo wa cholembera chimodzi. Ukatero lisiti iliyonse imasanduka mzere wakewake:

3x + 2y = 29
2x + 5y = 34

Njira imene tikuphunzira ndi yochotsa chilembo chimodzi kuti utsale ndi chinacho. Aphunzitsi ankati chulukitsani mzere woyamba ndi 2, wachiwiri ndi 3, ine n'kumangotsatira ngati nyimbo, osadziwa chifukwa chake. Zinamveka nditaganiza za anthu awiri aja ndi matumba awo. Woyamba akabwerera kukagulanso zomwezo, ndiye kuti ali ndi makope 6 ndi zolembera 4, ndipo ndalama zonse watulutsa 58. Wachiwiri akagula zakezo katatu, ali ndi makope 6 ndi zolembera 15, walipira 102.

6x + 4y = 58
6x + 15y = 102

Tsopano khuthulani matumbawo patebulo. Makope ndi ofanana, 6 uku 6 uko, ndiye sangakhale chifukwa chimene wina walipirira zambiri. Kusiyana kwatsala pa zolembera basi. Wachiwiri ali ndi zolembera 11 zoposa za mnzake, ndipo walipira 44 kuposa mnzakeyo. Kuchotsera mzere wapamwamba ku wapansi ndi komweku: 11y = 44, ndiye y = 4. Kubwerera ku lisiti yoyamba, zolembera 2 zadya 8, pa 29 patsala 21 ya makope 3, kope limodzi ndi 7.

Nambala 6 ija sinangogwa kumwamba. Ndi nambala yaing'ono kwambiri imene 3 ndi 2 amalowamo popanda chotsala. Ndikanafuna kuchotsa zolembera m'malo mwa makope, ndikanafunafuna 10, kuchulukitsa mzere woyamba ndi 5, wachiwiri ndi 2. Yankho ndi lomwelo, koma manambala amakula, ndipo ine ndikawona manambala aakulu dzanja limayamba kuterereka.

Kulakwitsa kumene kunandidyera nthawi yambiri ndi uku. Ulendo woyamba ndinachulukitsa mbali yakumanzere yokha, n'kulemba 6x + 4y = 29. Ndiye kuti munthu uja wagula kawiri koma walipira kamodzi, zimene palibe wogulitsa angalole. Ndinapeza 11y = 73, y n'kutuluka 6.64 yokhala ndi mchira wosatha. Mchirawo unandikayikitsa pang'ono, koma ndinapitiriza, ndinaika y mu mzere woyamba n'kupeza x pafupifupi 5.24. Kenako ndinayesa yankho langa mu mzere woyamba womwewo, linabwera 29, ine n'kusangalala. Chonsecho silikanalephera kubwera, poti x ndinamutenga mmenemo. Nditayesa mu mzere wachiwiri ndinapeza pafupifupi 43.7 m'malo mwa 34, bodza n'kuonekera. Yankho lenileni limadutsa bwinobwino: makope 2 ndi 14, zolembera 5 ndi 20, zonse 34. Kuyambira tsiku limenelo ndimayesera mu mzere umene sindinaugwiritse ntchito popeza chilembo chachiwiri.

Za zizindikiro n'zachidule. Pa mafunso a zogula manambala onse amakhala ophatikiza, ndiye timachotsera. Mzere wina ukakhala ndi +2y, wina −2y, apo timaphatikiza mizereyo kuti y achoke.

Madzulo ndinasintha funsolo dala kuti ndione pamene njirayi imakanika. Ndinati wachiwiri wagula makope 6 ndi zolembera 4, walipira 58. Nditachulukitsa mzere woyamba ndi 2 n'kuchotsera, zonse zinachoka, kunatsala 0 = 0. Lisiti yachiwiriyo sikunena chatsopano, ndi yoyamba ija yobwereza, ndipo kope la 7 ndi cholembera cha 4 zikukwana, kope la 9 ndi cholembera cha 1 zikukwananso. Nditasintha 58 kukhala 55, kunatsala 0 = 3, zosatheka. Pamenepo ndiye kuti anthu awiriwo sanagule pamtengo umodzi, mwina wachiwiri anamutsitsira chifukwa chogula zambiri, pomwe mizere yanga yonse iwiri inkatenga x ndi y ngati mitengo yosasintha.