Lachitatu: mawu opingasana ku Sitandade 7

Lero mwera wavuta kuno ku Nkhotakota, moti pepala lililonse limafuna mwala pamwamba. Ndiye masewera a mawu a zachipembedzo aja ndangowajambula pa bolodi, ana n'kumakopera m'makope.

Ndinayamba ndi bwalo la timabokosi 10 chopingasa, 10 chotsika. Kukula kwake kunachokera pa liwu lalitali kuposa onse, TCHALITCHI, lomwe lili ndi zilembo 10. Ndinaligoneka pa mzere wachitatu kuti mawu otsika apeze poyambira pamwamba. MZIKITI anatsika pa bokosi la nambala 6, I wake woyamba n'kugwera pa I wa TCHALITCHI. SWALA anatsika pa nambala 4, kukumana pa A. Pakati pa mawu awiri otsika ndimasiya mpata wa bokosi limodzi, chifukwa akagundana amabala timawu topanda tanthauzo, ndipo mwana amataya nthawi kutifunira yankho.

Chomwe chinandikomera ndi UBATIZO. Pa mzere wachisanu, kuyambira bokosi lachiwiri, anadutsa pa A womaliza wa SWALA ndi pa I wachiwiri wa MZIKITI nthawi imodzi. KACHISI yekha anakana. Ndimafuna atsike pa C wa nambala 8, koma pa mzere wachisanu I wake amagwera pa O wa UBATIZO, choncho ndinamusungira masewera osaka mawu.

Vuto linabuka ana atayamba kulemba. Ena anaika TCH yense m'bokosi limodzi, poti pakamwa amamveka ngati chinthu chimodzi. Wotere sachedwa kudziwika: kumapeto kwa mzere kumatsala timabokosi tinayi topanda kanthu, ndipo SWALA sakulowanso. Ndinaimitsa kalasi, tinawerenga limodzi ndi zala, lembo limodzi bokosi limodzi.

Mafunso nawo ali ndi msampha. Pa nthawi yopuma a Phiri anandiuza kuti pa MZIKITI ndingolemba "nyumba yopemphereramo". Ndinati: "Aphunzitsi, kachisi nayenso ali ndi zilembo 7, nanga mwana akalemba ameneyo mumuchonga bwanji?" Tinagwirizana pa "kumene Asilamu amasonkhana Lachisanu masana". Pa SWALA tinalemba "pemphero lochitika kasanu pa tsiku". M'kalasi mwanga ana achisilamu ndi achikhristu amakhala benchi imodzi, ndiye funso lizinena zomwe eni chipembedzo amachita, osati kuweruza kuti choona n'chiti.

Kusaka mawu kunatenga mphindi 10 zokha. Ndinabisa KACHISI, NSEMBE, MNENERI ndi PEMPHERO chopingasa ndi chotsika basi, osalemba chobwerera m'mbuyo. Kunena zoona masewerawa amaphunzitsa kalembedwe kokha, pakuti mwana atha kuzunguliza NSEMBE osadziwa kuti n'chiyani. N'chifukwa chake aliyense wopeza liwu amayenera kulipangira chiganizo asanakhale pansi.

Mawa gulu lililonse lipanga bwalo lake la mawu asanu n'kusinthana ndi anzawo. Choko chatsala timitengo tiwiri, ndiyenera kukapempha m'mamawa.