Kadenga ka pa w kandichititsa manyazi

Musanamve za kwa a Nambewe, amene akuithira kale mchere nkhaniyi ku chigayo, imvani za mwini wake. Inde, uthenga uja ndinatumiza ndine. Koma sizinayambe chomwecho.

Amayi apampando anangoti, "A mlembi, anthu afooka pobweza ngongole, alembereni kauthenga kowalimbitsa mtima." M'banki m'khonde yathu tilimo anthu 32 osawerengera ine, ambiri a mafoni a mabatani, ndiye za WhatsApp iwalani. Pa bandulo panali patatsala mauthenga 35. Aliyense umodzi, basi.

Ndinakhala pa khonde n'kulemba mawu oti ngakhale abusa akanawabwereka:

"Abale a banki m'khonde, musataye mtima pobweza ngongole. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Mutu umodzi susenza denga. Tikumane maŵa 2 koloko. Mlembi."

Zilembo 143, kuwerengera mipata ndi mipumiro yomwe. Aliyense amadziwa kuti uthenga umodzi umanyamula 160. Koma kanambala ka pakona kaja kakuti mauthenga atatu. Atatu kwa anthu 32 ndi 96, ine ndili ndi 35. Ndinawerenganso ndi chala. Ndinawerenga ndi njere za chimanga. Ndinaizimitsa foni n'kuiyatsanso, ndinaipukuta ndi malaya. Atatu ndithu.

Ndiye ndinayamba kusadza. "Mlembi" anapita koyamba, poti amandidziwa. Banki m'khonde inatsatira. "Pang'onopang'ono ndi mtolo" ndinaulirira, koma mwambi womadya zilembo 16 pa liwu limodzi si wa munthu wosauka. Kanambala kanatsika kufika pa awiri n'kukakamira pomwepo. Ndinachotsa "Tikumane". Ndinamata 2 ndi koloko. Kenaka ndinayang'ana "umodzi" n'kunena mumtima kuti Amalawi onse mwambiwu amaudziwa, adzamalizitsa okha.

Apa zinatsala 71, foni ikufuna 70. Chilembo chimodzi chokha, abale! Ndinaganiza zochotsa u wa "musataye" kuti akhale "msataye", monga amalembera achinyamata. Chala changa chachikulu mumachidziwa, n'cha khasu. Chinafikira pena, chinadina kawiri, kanambala kanalumpha kufika pa 1. Ndinaimirira pa khonde paja ngati ndagoletsa chigoli. Sindinawerengenso. Ndani amawerenga atapambana?

Anthu 32 analandira izi:

"Abale mutaye mtima pobweza ngongole. Mutu susenza denga. Maŵa 2koloko"

Woyamba kuyankha anali a Phiri a njinga ya kabaza: "Zikomo a mlembi, ine ndinataya kale." Mayi wina anaimba foni akulira ndi chimwemwe, kufunsa ngati chiwongoladzanja nachonso chakhululukidwa. Agogo ena anatuma mdzukulu kudzandiuza kuti zoti mutu susenza denga iwo akhala akuzidziwa chibadwire, nanga msonkhanowo ndi wa denga la ndani?

M'mawa mwake 2 koloko anabwera onse 32. Chiyambire gulu lathu sizinachitikepo. Ena anavala za ku tchalitchi. A Phiri anabwera ndi zitumbuwa zogawira anthu, zogula ndi ndalama imene akanabweza. Amayi apampando anawerenga uthengawo mokweza, pang'onopang'ono, kawiri, akuima pa "mutaye" n'kumandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Kachiwiriko anauwerenga ngati kalata ya maliro. Ine maso ali pa nyerere imene inkakoka kanyenyeswa ka chitumbuwa, ndikuisirira kuti ili ndi kolowera.

Madzulo mphwanga wa ku sekondale anatenga foniyo, nayang'ana uthenga woyamba uja, n'kuseka mpaka kukhala pansi. "Malume, vuto ndi kadenga aka." Akuti 160 ija imagwira ntchito pokhapokha zilembo zonse zili pa mndandanda wamba wa SMS, umene amautcha GSM-7. Chilembo cha ŵ mulibemo. Ukangolowetsa chimodzi, kapena kankhope koseka kaja, uthenga wonse umasintha kalembedwe n'kutsika kufika pa 70, ndipo ukadukizidwa gawo lililonse limanyamula 67 zokha. N'chifukwa chake 143 zanga zinasanduka atatu. Anafufuta ŵ, nalemba w wamba. Kanambala: 1, malo otsala 17. Miyambi yonse iwiri inakwana, ndi "Mlembi" yemwe.

Tsono amene mukuseka, ndiuzeni mlandu wanga. Ndinalemba "maŵa" monga anandiphunzitsira aphunzitsi anga a Chichewa, amene ankatikwapula tikaiwala kadengako. M'gulu lonse ndine ndekha amene ndinavutikira kukasaka chilembocho mwa kudina w nthawi yaitali. Ndinatafuna miyambi iwiri, ndinataya dzina langa, koma kadenga ndinakateteza mpaka mapeto. Ndipo anthu sanabwere kodi?

Pano ana a m'mudzi akandiona akumakuwa kuti "A Mutususenza!" Ulembi sanandilande, poti palibe wina akuufuna. Mauthenga atatu otsala aja ndinatumiza opepesa, onse kwa amayi apampando. Sanayankhe.