Foni yanga yayambanso kumva "Hey Google", koma tsiku lonse linapita pachabe

Musanathamangire kuphunzitsanso foni mawu anu, yambani mwayesa maikolofoni. Ine ndinataya tsiku lathunthu ndikubwereza Voice Match kasanu konse, pomwe vuto silinali mawu anga ayi.

Pali zinthu ziwiri zimene anthu amazisokoneza. Choyamba, m'foni muli kagawo kamene kamakhala tcheru nthawi zonse, kakudya batire pang'ono chabe, kudikira kuti kamve "Hey Google" kapena "Ok Google". Kakamva, m'pamene chachiwiri chimayamba: kuyerekeza mawuwo ndi chitsanzo cha mawu anu chimene munasunga. Voice Match ndi chachiwirichi basi. Ngati mawu sakufika n'komwe, kapena kagawo koyamba kathimitsidwa, mungaphunzitse foni mpaka kusasa mawu, palibe chingasinthe. Chimene chimandipsetsa mtima n'chakuti aliyense amene ndinamufunsa anangoti "iphunzitseninso", ndipo wokonza mafoni wina anafuna kundisinthira maikolofoni asanaiyese n'komwe.

Kuyesako n'kosavuta. Tsegulani pulogalamu yojambulira mawu, ikani foni patebulo, lankhulani muli pamtunda wa mita imodzi, kenako mvetserani. Mawu anga anamveka ngati ndikulankhulira pansi pa bulangete. Nditaunika ndi tochi kabowo ka maikolofoni kamene kali pafupi ndi potchajira, ndinapeza katatsekeka ndi timaulusi ta m'thumba tosakanikirana ndi fumbi, tagwirana ngati phula. Ndinatsuka ndi mswachi wouma wofewa, foni itayang'ana pansi kuti zinyalala zizigwera kunja. Singano ayi, chonde. Mkati mwa kabowoko muli kansalu kopyapyala koteteza, ndipo mukakaboola ndiye kuti mwadziputira vuto lenileni. Chotsaninso kava, chifukwa ena amaphimba theka la bowo.

Mawu atayera, foni inali ikadali zii. Apa ndiye panandiwawa kwambiri: Battery Saver inali yoyaka kuyambira dzulo lake, ndipo pa foni yangayi imathimitsa kumvetsera kwa "Hey Google" kuti isunge moto. Nditangoithimitsa, foni inayankha nthawi yomweyo, ngakhale kuti inkaphonyabe apo ndi apo.

Ndaiwala kutchula zimene ndinaona m'mawa. Kuyambira pa Android 12 pali batani la Mic access, limene mukalithimitsa limatseka maikolofoni ku mapulogalamu onse nthawi imodzi. Onani kuti layaka, komanso kuti pulogalamu ya Google ili ndi chilolezo cha Microphone. Mahedifoni a Bluetooth nawonso achotseni pamene mukuyesa, kuti mudziwe kuti maikolofoni imene ikumva ndi ya foniyo.

Kuphonya kwa apo ndi apo kuja kungakhale chizindikiro cha chitsanzo choipa cha mawu, ndipo changa ndinali nditachiwononga ndekha. Maulendo asanu aja ndinkaphunzitsa foni ndikufuula, ili pakamwa penipeni, bowo lili lotseka. Inasunga mawu olemera, a munthu wokwiya, amene safanana ndi mmene ndimalankhulira tsiku ndi tsiku.

Njira yake: tsegulani pulogalamu ya Google, dinani chithunzi chanu pakona ya kumwamba, kenako Settings, Google Assistant, Hey Google & Voice Match. Onani kuti Hey Google yayaka, ndiye pezani pamene palembedwa Retrain pansi pa Voice model. Mayinawa amasiyanako pang'ono malinga ndi foni, ndipo ngati yanu inasamukira ku Gemini, zimenezi muzipeza m'Settings ya Gemini. Ngati batani la Hey Google lazilala moti silikudinika, onani chiyankhulo chimene munasankha, chifukwa si ziyankhulo zonse zimene zili ndi Voice Match.

Foni ikupatsani mawu ochepa oti muwerenge, oyamba ndi "Ok Google" kapena "Hey Google". Sizitenga ngakhale mphindi imodzi, koma mphindi imeneyo ndi imene ili ndi ntchito yonse. Thimitsani wailesi ndi fani, tsekani chitseko, ena akhale kaye chete. Foni ikhale kutali ngati kutalika kwa mkono, pamene mumaisiya masiku onse. Lankhulani ngati mukuuza munthu amene wakhala pafupi nanu, osakoka mawu, osakongoletsa katchulidwe kuti kamveke ngati ka mlendo, chifukwa mawa mudzalankhula mwachizolowezi chanu ndipo foni sidzakuzindikirani. Ngati muli ndi chimfine, dikirani kaye muchire.

Nditamaliza ndinayesa kakhumi ndili pa mamita awiri, inayankha maulendo asanu ndi anayi. Ndinayesanso sikirini itathima, inayankha. Ngati yanu imamva pokhapokha sikirini itayaka, musabwerezenso kuphunzitsa. Onani kaye Battery Saver ija ndi gawo la Lock screen m'Settings ya Assistant, ndipo ikakanabe, dziwani kuti mafoni ena anapangidwa kuti azimvetsera sikirini ikayaka kapena akakhala pa tchaja basi.